Kufupikitsa lipoti lalitali osalithyola msana: zomwe lipoti la Devlin limatiphunzitsa

Mu Julaye 1959 boma la ku Mangalande linatulutsa lipoti la komiti ya anthu anayi yomwe inatumidwa kudzafufuza zipolowe za m'Nyasaland. Wapampando wake anali woweruza milandu, Sir Patrick Devlin, ndipo mpaka lero lipotilo limadziwika ndi dzina lake. Pa 28 Julaye aphungu a ku London anakambirana za lipotilo, ndipo mbali ya boma inabwera ndi chidule chakechake. Inati komiti yapeza kuti atsogoleri a chipani cha Nyasaland African Congress anasankha njira ya ziwawa, ndiponso kuti Bwanamkubwa Sir Robert Armitage sanalakwe potenga mphamvu zapadera pa 3 Malichi. Mfundo ziwirizo zinalimodi m'lipoti, palibe amene anazipeka. Komabe munthu amene anangomva chidulecho anapita kwawo ndi chithunzi chosiyana kwambiri ndi chimene Devlin ndi anzake analemba.

Vuto la kufupikitsa lipoti lalitali lili pomwepa. Ukhoza kutenga ziganizo zoona zokhazokha, mutu uliwonse nkuupatsa ndime yake, koma mfundo yaikulu ya lipoti nkutayika. Boma la Harold Macmillan linachita zimenezi mwadala pofuna kudziteteza. Mlembi wa bungwe, mtolankhani, wophunzira wa ku koleji kapena wogwira ntchito ku khonsolo amene wauzidwa kuti "tilembereni mwachidule" amagweranso m'mbuna yomweyo ngakhale alibe cholinga choipa, chifukwa cha njira imene amatsata: kutsegula mutu woyamba, kuufupikitsa, kutseka, kutsegula wachiwiri, mpaka kumapeto. Pomaliza amakhala ndi timapepala khumi toona, tomwe sitilumikizana.

Lipoti labwino limakhala ndi funso limene likuyankha, ndipo mutu uliwonse umagwira ntchito inayake poyankha funsolo. Lili ngati chambo: mutha kuchotsa mamba, zipsepse ndi zam'mimba nsomba nkukhalabe nsomba, koma mukasolola fupa la pamsana zotsalazo zimangophwanyika m'mbale. Choncho ntchito yoyamba, musanafupikitse mutu ngakhale umodzi, ndi kupeza msanawo ndi kuulemba papepala lapadera.

Poufuna msana mumawerenga malo anayi okha poyamba. Werengani zimene komiti inatumidwa kuchita, zomwe kawirikawiri zimakhala patsamba loyamba. Werengani mndandanda wa mitu, kenaka mawu oyamba, kenaka mathero kapena malangizo ngati alipo. Mukatero lembani, m'ziganizo zosapitirira zisanu, chimene lipoti likunena lonse lathunthu. Lembani ndi pensulo, chifukwa mudzafufuta mukawerenga zam'kati.

Pa lipoti la Devlin msanawo ungalembedwe motere. Anthu akuda a m'Nyasaland, pafupifupi onse, sankafuna chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chomwe chinayamba mu 1953, ndipo boma linkadzinamiza poganiza kuti otsutsawo anali kagulu kochepa ka anthu andale. Kukwiyako kunakula Dr. Banda atabwerera kwawo mu Julaye 1958, mpaka atsogoleri ena a Kongeresi anayamba kuvomereza ziwawa. Pofika kumayambiriro a Malichi 1959 zinthu zinali zitafika poti boma linayenera kuchitapo kanthu kapena kutula pansi ulamuliro, motero kutenga mphamvu zapadera kunali ndi chifukwa. Koma chiwembu chofuna kupha azungu ndi akuluakulu a boma, chomwe nduna za ku London zinalengeza, sichinapezeke, ndipo asilikali ndi apolisi anagwiritsa ntchito nkhanza zosaloledwa ndi lamulo pomanga anthu ndi pokhaulitsa midzi.

Taonani timawu tomwe tagwira ziganizozo pamodzi: mpaka, motero, koma. Maganizo a komiti ali m'timawu timeneti. Chidule cha boma chinatenga chiganizo chachiwiri ndi chachitatu, nkusiya choyamba chomwe chimafotokoza gwero la mkwiyo, nkusiyanso chomaliza chomwe chimayamba ndi "koma". Munthu wa mbali ina akhozanso kuchita chimodzimodzi mobwerera: kutenga choyamba ndi chomaliza nkubisa zoti komiti inati boma linali ndi chifukwa chochitirapo kanthu. Ife Amalawi, amene pa 3 Malichi chaka chilichonse timakumbukira anthu omwe anafera dziko lino, chiyeso chathu ndi chachiwirichi. Mtima umafuna kuti lipotilo likhale kumbali yathu pa mfundo iliyonse, pomwe silinatero. Wofupikitsa ayenera kulemba chimene Devlin ananena, ngakhale pamene iye mwini akuona kuti Devlin anawachitira chifundo atsamunda.

Msana ukakhala patebulo, ndiye mumayamba kuwerenga mutu ndi mutu. Njira yothandiza ndi kukhala ndi kapepala kamodzi pa mutu uliwonse, ndipo pakapepalapo nkuyankha mafunso omwewomwewo. Mutuwu ukuyankha funso lanji? Wapeza chiyani? Umboni wake waukulu ndi uti, ndipo uli pa ndime iti? Funso lomaliza ndi limene ambiri amalilumpha: mutuwu ukutenga chiyani ku mitu yam'mbuyo, ndipo ukupereka chiyani ku mitu yakutsogolo? Malipoti a boma ambiri, kuphatikizapo la Devlin, amaika nambala pa ndime iliyonse. Lembani nambala ya ndime, chifukwa masamba amasintha lipoti likasindikizidwanso kapena likaikidwa pa kompyuta, pomwe nambala ya ndime imakhala yomweyo.

Tiyeni tione kapepala kotere pa gawo limodzi, lokhudza msonkhano wa pa 25 Januwale 1959. Nthumwi za Kongeresi zitasonkhana ku Blantyre, tsikulo zinakakumana mwachinsinsi patchire, Dr. Banda palibe. Apolisi a zachinsinsi anauza Bwanamkubwa kuti pamsonkhanopo anapangana zoti Dr. Banda akadzamangidwa, aphe Bwanamkubwayo, akuluakulu a boma ndi azungu ena. Nkhani imeneyi ndi imene nduna zinakanena ku Nyumba ya Malamulo ya ku London.

Wofupikitsa wothamanga angalembe kuti: "Gawoli likufotokoza za msonkhano wa pa 25 Januwale ndi za chiwembu chopha azungu." Chiganizochi chili ndi matenda awiri. Choyamba, changotchula nkhani osanena chimene komiti inapeza, ngati munthu wokuuzani kuti kubwalo kunali mlandu wa munda koma osakuuzani amene wapambana. Mukaona chidule chodzaza ndi mawu akuti "likufotokoza za", "likukamba za", "likuunika", dziwani kuti wolembayo wangokopera mndandanda wa mitu. Chachiwiri, ponena kuti "za chiwembu" chachititsa owerenga kuganiza kuti chiwembucho chinalipo.

Kapepala kolembedwa bwino kangati: funso ndi lakuti kodi pamsonkhanopo anapangana kupha anthu? Komiti inapeza kuti anthu ena analankhuladi za kumenya ndi kupha azungu, ndiponso kuti msonkhanowo unavomereza kuwononga zinthu ndi kulimbana ndi boma mwa ziwawa, koma panalibe dongosolo lokonzedwa la kupha anthu monga boma linanenera. Nkhani ya chiwembu inachokera kwa akazitape omwe komiti sinakhutire nawo. Komiti inaonanso kuti Dr. Banda sakanavomereza zopha anthu, ngakhale inamudzudzula kuti sankalabadira momwe zolankhula zake zinkautsira mitima ya makamu. Gawoli likutenga ku mitu yam'mbuyo mkwiyo wa chitaganya, ndipo likupereka kutsogolo zinthu ziwiri zosiyana: chifukwa choti boma lichitepo kanthu, ndi umboni woti chifukwa chimene boma linalengeza kudziko chinali chokokomeza.

Mzere womalizawo ndiwo umene umasunga lipoti kuti likhale limodzi. Mukaulemba pa kapepala kalikonse, pomadzasonkhanitsa timapepala tonse mudzapeza kuti malumikizidwe alipo kale. Mukapanda kuulemba mudzakakamizika kumata ndime ndi mawu opanda ntchito monga "kuwonjezera apo" ndi "chinanso", omwe amaika mfundo zonse pa mulingo umodzi ngati kuti palibe imene ikutsutsa kapena kubala inzake.

Chitsanzo cha msonkhano wa patchire chikuonetsanso msampha wina waukulu, wosokoneza amene akulankhula. Lipoti lofufuza limakhala ndi mawu a anthu ambiri. Komiti ya Devlin inamva mboni mazanamazana, inalandira zikalata zambiri, ndipo inapita mpaka ku Southern Rhodesia kukafunsa omangidwa, kuphatikizapo Dr. Banda yemwe anali m'ndende ya ku Gwelo. Lipoti lotere limatha masamba angapo likulongosola zimene mbali ina inanena, mwatsatanetsatane ndi mwaulemu, kenaka nkuzikana m'ziganizo ziwiri zokha kumapeto. Wowerenga wotopa amalemba masamba aja ngati maganizo a komiti, ziganizo ziwiri zija osaziona. Mankhwala ake ndi osavuta. Powerenga, ikani chizindikiro m'mphepete mwa tsamba: china pa zonena za mboni, china pa zonena za boma kapena bungwe lomwe likufufuzidwa, china pa zimene komiti yapeza. M'chidule chanu chiganizo chilichonse chikhale ndi mwini wake: "apolisi anati", "mboni zinati", "komiti inapeza kuti". Zimatalikitsa pang'ono, koma popanda zimenezi mukhoza kuika m'kamwa mwa komiti mawu omwe inawakana.

Chinanso chomwe chimatayika msanga ndi mphamvu ya mawu. Koyambirira kwenikweni kwa lipotili, pamene komiti ikufotokoza za momwe inamvera umboni ndi chifukwa chake mboni zinafunika kutetezedwa, inanena kuti Nyasaland inali itasanduka dziko lolamulidwa ndi mantha a apolisi, momwe munthu sakanayerekeza kuyamikira Kongeresi poyera. Koma inaonjezapo kuti izi zinali za kanthawi. Mawu amenewa ndi amene anakwiyitsa boma la ku London koposa ena onse, ndipo ndi amene anthu amawakumbukira mpaka lero. Wofupikitsa akachotsa "za kanthawi" wawonjezera ukali umene komiti sinaike. Akalemba kuti "komiti inadandaula ndi machitidwe ena a apolisi" wathira madzi ambiri moti chiweruzo chasanduka dandaulo wamba. Timawu monga "mwina", "ambiri", "pafupifupi onse", "nthawi zina" ndi timene timayamba kudulidwa munthu akamasaka malo, pomwe ndi timene olemba lipoti anakangana nato masiku ambiri asanasaine. Dulani zitsanzo, dulani mayina a malo obwerezedwa, koma timawu toyeza mphamvu tisiyeni momwe tilili.

Ndimeyi ikutiphunzitsanso kuti gawo looneka ngati losafunika, lofotokoza za kayendetsedwe ka ntchito, lisamalumphidwe. Amene akanati "mawu oyamba ndi mwambo chabe" akanaphonya chiganizo cholemera kuposa zonse m'lipotilo.

Tsopano nkhani ya malo. Tinene kuti mwapatsidwa mawu 1,000 okha. Anthu ambiri amagawa mofanana, kapena motsata kuchuluka kwa masamba: mutu wa masamba 40 upeze malo ambiri, wa masamba 5 upeze ochepa. Kugawa kotere kumapusitsa, chifukwa mitu yotalika nthawi zambiri ndi yolongosola zochitika, pomwe chiweruzo chimakhala m'mitu yaifupi. Lipoti la Devlin lili ndi masamba opitirira 100, ndipo mbali yaikulu ndi yofotokoza zipolowe ndi kuomberana boma ndi boma, malo ndi malo. Ndikanati ndiligawe, ndikanapereka mawu 150 kwa msana uja pamwamba penipeni, 200 ku gwero la mkwiyo ndi chitaganya, 100 ku miyezi ya pakati pa kubwera kwa Dr. Banda ndi Januwale, 200 ku msonkhano wa patchire ndi nkhani ya chiwembu, 100 ku chigamulo chotenga mphamvu zapadera, ndipo 250 otsalawo ku zimene asilikali ndi apolisi anachita pambuyo pake.

M'mawu 250 amenewo simungalowe malo onse amene kunafa anthu. Mumasankha chochitika chimodzi choimira zinazo, nkunena poyera kuti ndi chimodzi mwa zingapo. Apa palibe angasankhe kwina kusiya Nkhata Bay, komwe pa 3 Malichi khamu linasonkhana padoko pofuna kuti omangidwa omwe anali mu sitima ya Mpasa amasulidwe, asilikali nkuwombera, anthu 20 nkufa malinga ndi chiwerengero cha boma. Kenaka mumapereka chithunzi chonse m'chiganizo chimodzi: anthu pafupifupi 50 anaphedwa m'dziko lonse, oposa 1,000 anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndipo komiti inapeza kuti kuotcha nyumba ndi kumenya anthu powamanga kunali kuphwanya lamulo. Ziwerengero zimene mwasunga zikhale zochepa, koma chilichonse chibwererenso ku ndime yake kuti muchitsimikize. Anthu a ku Nkhata Bay amawerenga akufa oposa 20, ndipo nkhani yawo ndi yofunika kumveka, koma ngati mukufuna kuitchula muiike padera monga ndemanga yanu, chifukwa chidule cha lipoti chimanena za m'lipotimo.

Pali matenda ena omwe amabwera ndi kutopa. Mutu woyamba umawerengedwa m'mawa mutu uli bwinobwino, ndipo umapeza tsamba lathunthu. Pofika mutu wachisanu ndi chitatu munthu wafooka, akungolemba mizere itatu. Tsoka lake nlakuti malipoti ambiri amasunga chigamulo ndi malangizo kumapeto. Kuzindikira matendawa nkosavuta: yalani timapepala tanu patebulo motsatana, muone ngati tikunka ticheperachepera. Ngati ndi choncho, bwererani ku mitu yomaliza tsiku lina muli ndi mphamvu, kapena muyambe ndi yomalizayo kuyambira pachiyambi. Lipoti likakhala lalikulu moti mwagawana anthu angapo, aliyense mitu yake, vutoli limakula, chifukwa aliyense amaona ngati mutu wake ndiwo mtima wa lipoti. Pamenepo onse alandire pepala la msana asanayambe, agwirizanenso mawu amodzi otchulira chinthu chimodzi. Wina akamalemba "zipolowe", wina "kuukira boma", wina "kumenyera ufulu" pa chochitika chomwecho, owerenga adzaganiza kuti ndi zinthu zitatu, komanso liwu lililonse pa atatuwa lili ndi chiweruzo chake. Ndipo munthu mmodzi ayenera kukhala atawerenga lipoti lonse. Chidule chopangidwa kuchokera ku zidule za ena, popanda wobwerera ku lipoti lenileni, chimachulukitsa zolakwa zazing'ono za aliyense.

Mukamaliza timapepala tonse, bwererani ku pepala la pensulo lija mulifunse ngati likadali loona. Nthawi zambiri silikhala loona lonse. Munthu wongowerenga koyambirira kwa lipoti la Devlin angalembe kuti lipotili likutsutsa boma basi, koma akafika pakati apeza kuti pa funso loti kodi Bwanamkubwa anayenera kutenga mphamvu zapadera, komiti inati inde. Apo afufute, alembenso. Nthawi zinanso mudzapeza kuti mathero a lipoti akunena zambiri kuposa umboni wa m'mitu yake, kapena kuti mutu wachitatu ukutsutsana ndi wachisanu ndi chiwiri. Si ntchito ya wofupikitsa kusalaza zimenezo. Lembani zonse ziwiri monga zilili, ndipo ngati wokutumani akufuna maganizo anu, muwaike pansi pa mzere wolembedwa kuti ndi ndemanga.

Pomaliza pali mayeso awiri omwe satenga ngakhale ola limodzi. Oyamba: werengani chiganizo choyamba chokha cha ndime iliyonse ya chidule chanu, motsatana. Ngati ziganizozo pazokha zikupanga nkhani yomveka yofanana ndi msana uja, mwakhoza. Ngati mungathe kusinthanitsa ndime yachiwiri ndi yachisanu popanda chilichonse kusokonekera, ndiye kuti mwalemba mndandanda, mfundo yaikulu yatsala m'lipoti. Achiwiri: patsani chidulecho munthu amene lipotilo sanalionepo, awerenge kamodzi, atseke pepala, akuuzeni ndi pakamwa chimene lipoti likunena. Pa lipoti la Devlin, akati "boma linachita bwino" mwalephera, akati "boma linalakwa zonse" mwalepheranso. Akati "boma linali ndi chifukwa chochitirapo kanthu, koma linakokomeza za chiwembu, linachita nkhanza, ndipo gwero la zonse linali chitaganya chomwe anthu ankachikana", chidule chanu chagwira ntchito.

Chidule chili ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwanena. Sichingalowe m'malo mwa lipoti pamene munthu akufuna kuimba wina mlandu, kugamula za ndalama kapena kulemba mbiri. Nchifukwa chake pamwamba pa chidule payenera kulembedwa dzina lonse la lipoti, chaka chake, amene analilemba, ndi mitu kapena zowonjezera za kumapeto zomwe simunaziphatikize. Owerenga akadziwa chimene mwasiya, amadziwa pokayang'ana.

Aphungu a ku London anavomereza chidule cha boma tsiku lija chifukwa chipani cholamula chinali ndi mavoti ambiri. Koma lipoti lenilenilo linali litasindikizidwa, aliyense akanatha kuliwerenga, ndipo zimene boma linasiya sizinabisike. Mu Okutobala chaka chomwecho Iain Macleod analowa m'malo mwa Alan Lennox-Boyd monga nduna yoona za maiko a atsamunda, pa 1 Epulo 1960 Dr. Banda anatulutsidwa m'ndende, ndipo chitaganya chinatha kumapeto kwa 1963. Malipoti a masiku ano, a komiti zofufuza, a mkulu wolondoloza ndalama za boma, a mabungwe othandiza, ambiri a ife timawamva kudzera pa wailesi kapena pa tsamba limodzi lomwe wina watikonzera. Inu amene mumakonza tsamba limenelo, musanalipereke, ikani nambala ya ndime pambali pa mfundo iliyonse yaikulu, kuti amene akukayika athe kutsegula lipoti nkudzionera yekha.